Kalata yopempha thandizo la kampu ya achinyamata kwa abale amabizinesi mu mpingo: mafunso ndi mayankho

Ine ndakhala mu komiti ya achinyamata pa mpingo wathu kuno ku Chipata kwa zaka zingapo, ndipo ikafika nkhani ya makalata amandisiyira ine. Anzanga a m'mipingo ina, ena ku Katete ena ku Chadiza, amandifunsa zinthu zomwezomwezo chaka ndi chaka kampu ikayandikira, ndiye ndati ndingoziika pamodzi. Chitsanzo chomwe ndikhale ndikubwererako ndi kampu yathu ina ya mu holide ya Ogasiti, achinyamata 60 ndi akuluakulu 8 kuphatikizapo amai ophika, pa sukulu ina ya bodingi cha ku Katete, kuyambira Lachinayi madzulo mpaka Sabata masana. Mitengo ndaizungulitsa kuti masamu aoneke bwino, inu mukatenge ya pa msika sabata yomwe mukulembayo.

Bwanji osangolengeza m'tchalitchi kuti amene angathe athandize? Kalata ya chani?

Lengezani, palibe choipa, koma chilengezo ndi cha aliyense ndiye chimakhala cha palibe munthu. Atate amene ali ndi holoselo amva, agwedeza mutu, mumtima anena kuti ndidzaona, Lolemba atsegula shopu, loli ya katundu yafika, wa lendi ali pakhomo, nkhani ya kampu yatha pomwepo. Sikuuma mtima ayi, ndi mmene tsiku la munthu wa bizinesi limayendera.

Kalata ili ndi dzina lawo imakhala pa kauntala kapena m'buku la maoda, ndipo imafuna yankho. Chinanso, ambiri mwa abale athuwa sasunga ndalama ya bizinesi okha, pali amai kunyumba, pali mbale amene anaikamo kapito, pena mwana ndi amene amalemba mabuku. Munthu akachotsa matumba asanu a unga m'shopu afunika pepala loonetsa kuti anapita kuti. Kalata yanu ndiyo pepalalo.

Tiyambe ndi chani tisanalembe?

Bajeti. Musagwire cholembera mulibe bajeti, chifukwa funso loyamba la munthu wa bizinesi ndi lakuti "zonse zifuna zingati, ndipo inu muli nazo zingati?" ndipo mukayamba kuyang'anana pamenepo nkhani yafa.

Yathu inali motere. Transipoti K14,000, chakudya K15,500, malo pamodzi ndi magetsi ndi madzi K4,000, mankhwala ndi sopo K1,500, mlaliki ndi mafotokope a maphunziro K1,500, ndi K1,500 ya zadzidzidzi. Zonse K38,000. Mwana aliyense timamuuza alipire K250, koma sitinawerenge onse 60, tinawerenga 48 chifukwa timadziwa kuti 12 sangakwanitse, ena ndi amasiye ena akukhala ndi agogo. Ndiye K12,000. Thumba la mpingo linatipatsa K5,000, achinyamata anapeza K3,000 pa maganyu, kutsuka magalimoto ndi kukolola m'munda mwa mkulu wina. Pamodzi K20,000. Yotsala K18,000, imeneyo ndiyo tinapita nayo kwa amabizinesi.

Apa ndichenjeze, chaka china tinawerenga kuti ana onse alipira, tsiku lonyamuka ana angapo anabwera ndi zikwama zawo koma opanda ndalama, ndipo mwana waima pa geti ya tchalitchi ndi bulangete lake simungamubweze. Tinawatenga, chakudya chinatiperewera Loweruka. Kuyambira pamenepo osakwanitsa timawawerengeratu mu bajeti.

Ndipo ija K3,000 ya maganyu muzilemba m'kalata olo ikuoneka yochepa. Munthu amene amadzuka 5 koloko kukatsegula shopu amafuna aone kuti anawo nawonso atuluka thukuta, osati angokhala kudikira.

Tipemphe ndalama kapena katundu?

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndikhalitsapo. Kalata zambiri zomwe ndaona zimati "tikupempha thandizo lililonse limene Ambuye akuikani pa mtima." Mau ake ndi aulemu koma mwamusiyira munthu ntchito yoganiza, sadziwa ngati K100 ikwana kapena mukuyembekeza K5,000, ndiye poopa kuchita manyazi amangokhala chete, kapena atulutsa K50 ya m'thumba kuti muchoke. Pemphani chinthu chimodzi, chodziwika, chochokera mu bizinesi yake yomweyo.

Chifukwa chake ndi ichi. Ndalama ya m'dirowa kwa wamalonda si phindu, ndi ya oda ya mawa. Mukamuchotsera K1,500 mwamuchepetsera katundu. Koma katundu amene ali kale pa shelefu anamugula pa mtengo wa oda, ndiye akakupatsani chigubu cha saladi cha malita 20, iye chamutengera ndalama yochepa kuposa imene inu mukanalipira pogula. Onse awiri mwapindula, inu mwalandira zambiri, iye sizinamupweteke kwambiri.

Ife tinakhala pansi ndi mkulu wa mpingo mmodzi amene amadziwa anthu, tinalemba amabizinesi 14: awiri a holoselo, wa chigayo, wa hadiweya, awiri a magalimoto, wa butchala, amai oweta nkhuku, wa bekale, awiri a salaula ndi atatu a tuntemba. Kenaka tinaphwanya bajeti ya chakudya kukhala zinthu zogwirika.

Unga tinawerenga chonchi: nsima idyedwa kasanu ndi kamodzi, Lachinayi madzulo, Lachisanu kawiri, Loweruka kawiri, Sabata masana. Wachinyamata timamuwerengera kota ya kilo pa chakudya chimodzi, anyamata amadya ndithu musachepetse. Anthu 68 ndiye makilo 17 pa chakudya, kasanu ndi kamodzi ndi makilo 102, amenewo ndi matumba anayi a makilo 25 ndi kakang'ono, ife tinalemba asanu kuti pakhale ndi phala. Mabanzi awiri pa munthu m'mawa katatu ndi 408. Shuga makilo 10. Nkhuku imodzi timagawa anthu 8 kapena 9, ndiye nkhuku 8 pa chakudya chimodzi cha Loweruka. Zinazo nyemba, soya, kapenta ndi kabichi.

Ndiye wa chigayo tinamupempha matumba asanu a unga, ndipo tinamuuza kuti ngati nkovuta atigayire chabe chimanga chomwe makolo apereka. Wa bekale mabanzi. Amai a nkhuku, nkhuku 8. Wa kanta tinamupempha atinyamulire mapoto, matiresi ndi chakudya, dizilo tithira tokha. Wa hadiweya alibe chodyedwa m'shopu mwake, ameneyo ndi a salaula ndiwo tinawapempha ndalama, koma nayonso yotchula: "K250 ilipirira mwana mmodzi amene sangakwanitse, tili nawo 12." Munthu amatha kunena kuti ine nditenga ana atatu. A tuntemba sitinawasiye, tinawapempha mchere, machesi, sopo, masamba a tiyi, ndipo anakondwa kuti tawawerengera, chifukwa nthawi zambiri makomiti amangothamangira kwa anthu awiri omwewo a magalimoto.

Ndalama ifunikabe, musaiwale. Basi, malo ndi mankhwala sizilipiridwa ndi mabanzi. Onetsetsani kuti ndalama ya ana, ya mpingo ndi ya maganyu yapita kaye ku zinthu zomwe sizingaperekedwe ngati katundu.

Kalatayo ikhale bwanji? Tioneko chitsanzo.

Tsamba limodzi basi, bajeti kuseli kapena pa pepala lachiwiri. Iyi ndi imene tinalembera atate a chigayo, maina ndachotsa:

Okondedwa Atate uje,

Moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Tikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amai ndi banja lonse.

Achinyamata a mpingo wathu adzakhala ndi kampu ku Katete mu holide ya Ogasiti, kuyambira Lachinayi mpaka Sabata. Apita achinyamata 60 ndi akuluakulu 8 owayang'anira. Kumeneko kudzakhala maphunziro a Baibulo, kukambirana za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, za mimba ndi maukwati a ana, ndiponso tsiku limodzi lothandiza okalamba a m'midzi yozungulira.

Zonse zifuna K38,000. Achinyamata, makolo ndi thumba la mpingo tasonkha K20,000, yatsala K18,000. Bajeti yonse ili kuseli kwa kalatayi.

Atate, kwa inu tabwera kudzapempha matumba asanu a unga a makilo 25, amene adzakwanira nsima ya masiku onse. Ngati asanu achuluka, amene mungathe tidzalandira ndi manja awiri, ndipo ngati chaka chino sizitheka musade nkhawa, mutiuze chabe kuti tiyang'ane kwina nthawi ikalipo.

Tikupempha yankho lanu pofika pa 15 Julayi. Ungawo tidzabwera kudzatenga tokha sabata ya kampu. Chilichonse cholandiridwa chidzalembedwa lisiti ndi msungichuma wa mpingo, ndipo pasanathe masabata awiri titabwerako tidzakubweretserani lipoti.

Ambuye adalitse ntchito ya manja anu.

Ife ana anu mwa Khristu,

Pansi asaina wapampando wa achinyamata, msungichuma ndi abusa, ndi chidindo cha mpingo. M'kalata yanu muike masiku enieni a kampu ndi dzina la malo, ndi nambala ya foni ya munthu mmodzi wofunsa.

Muone chiganizo chija cha "ngati sizitheka mutiuze chabe." Musachichotse. Anthu athu kukana pamaso pa munthu wa kutchalitchi kumawavuta, amati "tidzaona" ndipo inu mumawerengera ungawo mpaka tsiku lonyamuka. Mukawatsegulira khomo lokanira, "ayi" wa mu Julayi mutha kumukonza, "tidzaona" wa mu Ogasiti amagoneka ana ndi njala.

Tilembe Chinyanja kapena Chizungu?

Mmene mumalankhulira nawo pa Sabata. Ngati mumati "mwauka bwanji atate" ndiye kalata ikhale yomweyo. Chizungu chisungireni amene bizinesi yawo ndi kampani yolembetsa, amene kalatayo akaika mu failo ya akaunti kapena akaonetsa anzawo a mu kampani. Zikatero dzina la pamwamba likhale la kampani, koma mukapereke kwa mwini wake amene mumapemphera naye.

Kalata imodzi yofotokopa kwa onse singakwane?

Ndime ya kampu ndi ya bajeti zikhale zofanana kwa onse, nzoona, manambala asasiyane chifukwa anthuwa amacheza ndipo adzafananitsa. Koma dzina ndi chopempha zikhale za munthuyo. Kalata ya "Okondedwa Atate/Amai" ndi mzere wodzaza ndi bolopeni imamuuza munthu kuti ali pa mndandanda wa anthu a ndalama basi. Ndipo samalani maudindo, ngati ndi mkulu wa mpingo lembani mkulu, ngati ndi amai a chigwirizano alemekezeni motero, ngati bizinesi ndi ya banja lembani atate ndi amai onse awiri, chifukwa kawirikawiri amene amakhala pa kauntala tsiku lonse ndi amai ndipo kuwadumpha kumawawa.

Tiike mavesi angati?

Limodzi, kapena osaika. Awa ndi akhristu anzanu, Baibulo amalidziwa, safuna ulaliki m'kalata. Ngati muika, 2 Akorinto 9:7 ndi yokwana chifukwa imakamba za kupereka mosakakamizidwa. Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse, musaike vesi loopseza, ndipo musalonjeze kuti akapereka bizinesi yawo ikula kawiri. Inu mulibe mphamvu imeneyo. Ndinaonapo amai ena atapereka chifukwa cha mau otere, miyezi ingapo bizinesi inagwa, ndipo anakhala nthawi yaitali osaoneka kutchalitchi. Zinandipweteka kwambiri chifukwa kalatayo inachokera kwa ife achinyamata.

Titumize liti?

Masabata 8 mpaka 10 kampu isanafike. Ya mu Ogasiti ndiye kalata zituluke kumayambiriro kwa Juni, yankho pakati pa Julayi, kuti mutsale ndi mwezi wokonza pomwe paperewera.

Kuno kum'mawa ndalama imayenda ndi munda. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti anthu akugulitsa soya, nshawa, mpendadzuwa, fodya ndi chimanga, mashopu amayenda, a hadiweya akugulitsa malata ndi simenti, zigayo sizizima, ndiye kupempha thandizo la kampu ya Ogasiti nkosavuta. Ya Disembala ndi ina, aliyense ndalama yapita ku feteleza ndi mbewu, ndipo Januwale akubwera ndi mayunifomu ndi mabuku a ana. Nthawi imeneyo amene ali bwino ndi ogulitsa zaulimi ndi a magolosale, ena onse muwapemphe zochepa. Ya Epulo ndiyo yovutitsitsa, anthu sanakolole.

Chinanso cha Ogasiti, Kulamba ku Mkaika imachitika Loweruka lomaliza la mweziwo, mabasi ambiri amalowera komweko ndipo mwini basi sangakupatseni yake motsika mtengo tsiku limene angapange ndalama. Ikani kampu sabata ina, ndipo wa basi mumuuze masiku kale kale.

Pa mwezi, kumapeto kapena kumayambiriro ndi bwino. Pa tsiku, pitani nthawi imene shopu ili zii, osati Loweruka m'mawa pamene makasitomala adzaza mpaka pakhomo.

Akapereke ndani? Pa WhatsApp sizingatheke?

Pamanja, anthu awiri, wachinyamata mmodzi ndi wamkulu mmodzi. Wachinyamata ndi amene akambe chifukwa kampu ndi yake, wamkulu akhalepo kuti nkhani ilemere, komanso si bwino kutuma mtsikana yekha ku maofesi ndi m'mashopu a anthu, olo akhale a mu mpingo. Ngati munthuyo ali ndi mwana mu gulu lanu musatume mwana wakeyo, nkhani imasanduka ya kunyumba.

Osapereka pakhomo la tchalitchi anthu akuona, envulopu ikamapita kwa anthu ena okha ena onse amaona ndipo amadziwa tanthauzo lake. Kalata ya Yakobo mutu 2 imatichenjeza za kukondera olemera mu msonkhano, ndipo kugawa maenvulopu pa khonde la tchalitchi kumafanana nazo. Pitani ku shopu kapena kunyumba, perekani moni bwinobwino, funsani za banja, kenaka nkhani. Osaimirira kudikira kuti atsegule dirowa, nenani kuti tidzabweranso Lachinayi likudzali.

WhatsApp ndi yokumbutsira ndi kutumiza chithunzi cha kalata kwa amene ali pa ulendo, ena amakhala ku Lusaka kapena ku Nakonde kukaoda. Koma osapanga gulu loikamo amabizinesi onse ndi kumalembamo kuti uje wapereka zakuti. Pamenepo mwayambitsa mpikisano, ndipo wochepa amangotuluka mwakachetechete.

Ndalama azitumiza kwa ndani?

Kwa msungichuma wa mpingo, kapena ku akaunti ya mpingo. Ngati ndi Airtel Money kapena MTN MoMo, ikhale nambala imodzi yomwe akulu a mpingo avomereza, ndipo m'kalata mulembe dzina limene lidzaoneka pa foni potumiza, kuti munthu asadabwe kuona dzina lachilendo. Muwerengerenso kuti potapa kwa ejenti amadula, ndiye K1,000 yotumizidwa siifika yonse m'manja, kusiyanako mukulembe m'buku osati kungokusiya.

Lisiti ilembedwe pa chilichonse, ndi katundu yemwe: "talandira matumba 5 a unga a makilo 25," tsiku, siginecha. Buku la malisiti la kaboni, limodzi lokha. Wachinyamata amene wapereka kalata asalandire ndalama m'thumba mwake, olo munthu akakamize kuti ingotenga, anene kuti msungichuma abwera ndi lisiti. Sikuti timawakayikira ana athu, tikuwateteza. Chaka china mnyamata wathu analandira ndalama pa shopu, anaipereka yonse ndithu koma panalibe pepala, wopereka anakumbuka nambala ina, buku linali ndi ina, ndipo mwanayo dzina lake linaipa pa chinthu chimene sanachite. Ngakhale Paulo potenga chopereka cha ku Yerusalemu sanayende nacho yekha, pa 2 Akorinto 8 akufotokoza kuti anatuma abale osankhidwa ndi mipingo kuti pasapezeke womunena.

Wina akafunsa ngati zingamuchepetsere msonkho ku ZRA, tiyankhe chani?

Osalonjeza. Lamulo limalola kuchotsera chopereka pokhapokha ngati bungwe lolandiralo linavomerezedwa ngati bungwe lothandiza anthu, si kuti tchalitchi chilichonse chili choncho, ndiye funsani ku likulu la mpingo wanu ngati pepala limenelo lilipo musanalembe kalikonse za msonkho. Ndipo amabizinesi ang'onoang'ono amene amalipira msonkho wowerengera pa zonse zimene agulitsa, iwowo palibe chochotsera. Inu mpatseni lisiti yabwino ya chidindo, zotsalazo akambe ndi womulembera mabuku.

Tiwatchule maina kutsogolo? Nanga akafuna dzina la shopu pa masikipa?

Afunseni, aliyense payekha. Ife pansi pa kalata timaika kamzere koti munthu asankhe, kutchulidwa kapena ayi, ndipo mungadabwe kuti ambiri amasankha ayi. Ena ndi chifukwa cha Mateyu 6, ena ndi chifukwa akangotchulidwa mawa lake makwaya onse ndi makomiti onse ali pa shopu. Mukatchula, tchulani maina okha mopanda kuchuluka kwa zimene apereka, wa mchere ndi wa basi pa mndandanda umodzi.

Za masikipa, imeneyo si nkhani ya komiti ya achinyamata, ipite kwa abusa ndi akulu. Ine maganizo anga ndi akuti ngati munthu walipira masikipa onse, kadzina kakang'ono kumbuyo sikalakwa, koma zigwirizanidwe poyamba ndipo zilembedwe. Chimodzimodzi ngati bizinesi ya munthu ili ndi mbali yogulitsa mowa, musaganize nokha, funsani akulu musanalembe kalata, chifukwa kulandira kenaka nkubweza kumanyoza kuposa kusapempha.

Walonjeza koma sakupereka, titani?

Choyamba, mu buku lanu mukhale mizere iwiri, zolonjezedwa ndi zolandiridwa, ndipo pokonza kampu muziyang'ana wachiwiriwo. Pa 14 athu aja, 11 anavomera, awiri anakana bwinobwino, mmodzi sanayankhe. Mwa 11 amenewo mmodzi katundu wake anachedwa pa njira ndipo shuga sanabwere, tinagula ndi ija ya zadzidzidzi, ndiyo ntchito yake.

Mungadziwe bwanji kuti lonjezo silikwaniritsidwa? Munthu akavomera koma osatchula tsiku kapena kuchuluka, akamati "mudzandikumbutse" kawiri katatu, kapena akayamba kukutumizani kwa wantchito amene sadziwa kalikonse. Kumbutsani kawiri basi, kachiwiri muchepetse chopempha, "atate ngati asanu avuta, awiri angatheke?" Zikakanika muthokozeni ndipo musiye, ndipo nkhaniyo ithere mu komiti. Simudziwa zimene munthu akudutsamo, shopu yodzaza katundu nthawi zina ndi ya ngongole yokhayokha.

Zouma monga unga, shuga, saladi ndi nyemba tengani sabata imodzi kampu isanafike, zikhale mu sitolo ya tchalitchi ndi kiyi kwa mkulu. Mabanzi, nkhuku ndi ndiwo zamasamba ndi za tsiku lonyamuka, ndipo mabanzi a tsiku lachitatu ndi bwino kugula komweko kusiyana ndi kunyamula onse 408 Lachinayi.

Wa magalimoto akati ana akwere pa kanta kwaulere?

Muthokoze, koma kanta inyamule katundu. Ana akwere basi yokhala ndi mapepala ake ndi inshuwalansi, munthu aliyense pa mpando wake. Chipata mpaka Katete ndi makilomita opitirira 80 pa Great East Road pomwe malole akuluakulu amadutsa usana ndi usiku, si ulendo woika ana 60 kumbuyo kwa loli. M'kalata ya wa basi mulembe momveka ngati mukupempha basi yaulere, kapena mtengo wotsika, ndani athira dizilo, ndani adyetsa dalaivala, ndipo kubwerera Sabata kuli momwemo kapena ayi. Zimenezi zikapanda kulembedwa mkangano umabuka tsiku lobwerera ana atanyamula kale zikwama.

Nanga amashopu omwe si a mpingo wathu, monga a ku Down Shops kapena ku Kapata komwe timagula?

Imeneyo ndi kalata ina. Yomwe takambayi imalankhula kwa mbale amene anawo amawadziwa, ena anawaona akubatizidwa. Kwa wakunja mumayamba ndi kudzidziwitsa, ndipo nthawi zambiri chomwe mungapemphe ndi kutsitsa mtengo pa zomwe mukugula zambiri. Koma yambani ndi a m'nyumba. Ndipo zomwe muzigula ndi ndalama, ngati mbale wa mu mpingo amagulitsa pa mtengo wofanana, kagulani kwa iye, si bwino kumupempha shuga waulere kenaka mpunga nkukagula kwa woyandikana naye iye akuona.

Tikabwerako, chatsala nchani?

Lipoti lija munalonjeza, pasanathe masabata awiri, pamanja ngati mmene kalata inayendera. Tsamba limodzi: anapita angati, zinalowa zingati ndalama ndi katundu, zinatuluka zingati, chatsala chani. Munthu aliyense mumuuze chake chinagwira ntchito yanji, atate a chigayo tinawauza kuti matumba anayi ndi theka anadyedwa. Amene analipirira ana musawapatse maina a anawo, ingonenani kuti atatu anapita chifukwa cha inu, mwana asamayende mu mpingo akudziwika kuti ndi wolipiriridwa. Amene anakana nawonso apatseni lipotilo, popanda mau ena owonjezera.

Zotsala musagawane. Ife tinatsala ndi theka la thumba la unga, saladi pang'ono ndi K640. Ndalama inabwerera kwa msungichuma pa dzina la achinyamata, unga ndi saladi tinafunsa eni ake ngati tingapereke kwa agogo awiri a mu dera lathu, anavomera, ndipo tinalemba zimenezo pansi pa lipoti abusa asanasaine.